Dzina Lomwe Ndinalemba mu Maminitsi

Ntchito yolemba maminitsi inandigwera chifukwa ndinali wamng'ono pa onse, komanso ndinali mkazi. Palibe anachita kunena choncho. Tsiku la msonkhano woyamba abwana anga anangoyang'ana anthu onse amene anazungulira tebulo, maso awo n'kudzaima pa ine.

"Mayi, inu muzitilembera," anatero. Nkhani inathera pomwepo.

Tinkamanga mbali ya amayi oyembekezera pa chipatala chaching'ono cha mpingo wina, cha kufupi ndi Milonde. Ine ndinabadwira dera lomwelo. Bambo anga anagwira ukapitawo pa esiteti ya tiyi mpaka kupuma, ndipo ndinakulira m'nyumba za kampani, za malata obiriwira zija. Nditamaliza maphunziro a zomangamanga ku Blantyre ndinakhala pakhomo nthawi yaitali, ndikuthandiza mayi kugulitsa nanazi m'mbali mwa msewu. Amene anandichotsa pa nanazipo anali mnzawo wa bambo, injiniya wa madzi. Kale ankayang'anira mapampu a pa esiteti, nyumba yawo itayang'anizana ndi yathu, ndipo atapita kukaphunzira anabwerako n'kutsegula kaofesi kawokawo ku Boma. Ndi iwowo amene anandiphunzitsa kuwerenga pulani ndili mwana wasukulu, ataiyala pakhonde n'kuipsinja ndi miyala kuti isauluke. Ndi iwonso anandinenerera kwa mkulu wojambula mapulani a nyumba, wa ku Blantyre, amene anadzakhala abwana anga.

Tinayamba kukumba maziko mapulani ena asanathe, chifukwa aliyense ankafuna kuti konkire ithiridwe mvula isanayambe. Nchifukwa chake pakatha masabata awiri aliwonse tinkakumana kuti mapulani a anthu osiyanasiyana agwirizane, kuopa kuti paipi ya wina ingadzagundane ndi chitsulo cha mnzake. Tinkakumanira m'kachipinda ka pa malo ena ogona alendo ku Boma, poti a ku Blantyre sankafuna kuzunza galimoto zawo pa msewu wafumbi. Abwana anga ndiwo anali apampando. Pankakhalanso injiniya wa konkire ndi zitsulo, mayi wamtali wosalankhulalankhula. Injiniya wa madzi uja. Folomani wa kontrakitala. Mkulu woimira mpingo. Ndipo akapeza mpata, azamba aakulu a pachipatalapo.

Maminitsi anga oyamba anali ngati kalata yopita kwa abale. Ndinalemba kuti uje anati chakuti, uje n'kuyankha chakuti, masamba ndi masamba. Mayi wa zitsulo uja anandikokera pambali.

"Izi palibe angaziwerenge," anatero. "Ife sitifuna kudziwa kuti tinakangana bwanji. Lembani zimene tamanga. Mzere uliwonse ukhale ndi nambala yake, ntchito yoti ichitike, munthu mmodzi woti aichite, ndi tsiku loti ikhale itatha. Musadzalembe kuti 'tonse'. Musadzalembenso kuti 'mwamsanga'. Ntchito ya tonse sigwiridwa."

Ndinamvera, ndipo kunena zoona ndinayamba kuikonda ntchitoyo. Msonkhano ukamatha ndinkawerenga mokweza mizere yonse, aliyense n'kuvomera yekha dzina lake ndi tsiku lake. Ndikailemba bwino pa laputopu ndinkatumiza kaye kwa abwana kuti aone, iwo akavomera ndiye ipite kwa onse pasanathe masiku awiri. Pa msonkhano wotsatira tinkayamba n'kuvomereza maminitsi apitawo, kenako kuyenda mzere ndi mzere: izi zatheka, izi zatsala.

Nkhani ya mapaipi inatuluka mu Seputembala. Malo amene tinkamangapo ndi otsetsereka, ndipo dothi lina linali lochita kuthira, kotero nyumbayo inkayenera kukhala pa mitanda ya konkire yoyenda pansi, silabu n'kubwera pamwamba pake. Tsikulo tinasanjikiza mapulani awiri, ya madzi ndi ya zitsulo, ndipo tonse tinaona kuti mapaipi ochotsa madzi oipa m'chipinda chochilira ndi m'chipinda chotsukira ziwiya akulunjika pa mtanda waukulu. Kuti akafike ku sepitiki thanki kumunsi, ankayenera kuboola mtandawo.

"Kuboola n'kotheka," anatero mayi wa zitsulo. "Koma mabowo tiwasiyiretu konkire isanathiridwe. Mundiuze kuti paipi iliyonse ikudutsa pati, ndi yaikulu bwanji, ndipo ili pansi bwanji. Ndikadziwa zimenezo ndikonza zitsulo mozungulira bowolo. Mukathira kaye, musadzabwere kwa ine ndi nyundo."

Azamba aakulu anali atabwera tsikulo, atavala yunifolomu chifukwa anachokera ku ntchito. Zambiri za mitanda sanazitsatire, koma anakweza mkono.

"Ine changa n'chimodzi," anatero. "Kuchokera pakhomo lakunja mpaka pa bedi lochilira pasakhale sitepe. Mayi akamataya magazi timamukankha pa bedi la matayala. Kumene tili panoku timachita kunyamula, ndipo usiku timakhalapo awiri basi."

Onse anavomera. Abwana anga anati zimenezo zinali kale m'maganizo mwawo.

Ndiye ndinalemba mizere itatu yotsatizana. Woyamba: injiniya wa madzi akonzenso pulani ya mapaipi, asonyeze malo, kukula ndi kuya kwa bowo lililonse pa mtanda waukulu, atumize kwa injiniya wa zitsulo pofika Lachisanu la sabata yotsatira. Wachiwiri: injiniya wa zitsulo akonze zitsulo zozungulira mabowo pofika Lachitatu lotsatira apo. Wachitatu: abwana anga aphatikize zonsezo n'kupereka pulani yatsopano kwa kontrakitala pofika Lachisanu la sabata yomweyo. Pansi pake ndinawonjezera zimene tinagwirizana, kuti konkire ya mtanda waukulu isathiridwe pulani yatsopano isanafike pamalo. Pempho la azamba ndinalipatsa mzere wakewake, mwini wake abwana anga.

Nditawerenga mokweza, injiniya wa madzi anagwedeza mutu. "Lachisanu, palibe vuto," anatero, akupukuta magalasi awo ndi tayi.

Panja, tikudikira kuti a ku Blantyre anyamuke, anandiyandikira.

"Mwanangu, wandilemba dzina ngati mwana wojomba kusukulu," anatero akuseka.

"Aliyense ndamulemba, bambo. Ngakhale abwana."

"Ndikudziwa, ndikudziwa. Uziwapatsa moni bambo ako."

Lachisanu lija linafika, pulani sinafike. Ndinawaimbira Lolemba. Anati ali ku Phalombe, akuona za mijigo, abwerako mawa. Ndinaimbanso pakati pa sabata, foni osayankha. Pa msonkhano wotsatira anapepesa mwaulemu, n'kupempha sabata ina. Ndinalemba monga ndinaphunzitsidwira: tsiku loyamba linadutsa, tsiku latsopano ndi ili. Tsiku lakale sindinafufute. Mizere iwiri yotsatira nayo inasunthira kutsogolo, poti mayi wa zitsulo sakanayamba popanda pulaniyo.

Sabata imeneyo ndinapita ku kaofesi kawo, kuseri kwa sitolo ya zipangizo ku Boma. Ndinawapeza ali okha. Mnyamata amene ankawajambulira pa kompyuta anali atapeza ntchito ku Lilongwe, ndipo kompyutayo inangokhala pakona itavundikiridwa ndi chitenje. Iwo anali atawerama pa tebulo lojambulira ndi pensulo, nkhope pafupi kwambiri ndi pepala, ngati akulinunkhiza. Apo mpamene ndinazindikira kuti maso awo afika poipa. Pambali panali mapulani a ntchito zina za ku Thyolo ndi ku Phalombe, onse osatha.

"Bambo, mundipatse manambala, ine ndikajambule pa laputopu. Mawa lomwe ndibweretsa mudzasayine."

Anadzuka pang'onopang'ono.

"Ndinayamba kuyala mapaipi iwe usanabadwe," anatero. "Pulani yanga ndijambula ndekha. Ndipo abwana ako sangakonde kumva kuti wantchito wawo akujambula zinthu za ofesi ina."

Pa mfundo yachiwiriyi sananame. Nditawafunsa abwana, anandikaniza. Anati chinthu chikadzalakwika, mlandu udzasokonekera kuti ndi wa ofesi iti.

Tsiku lachiwiri nalo linadutsa. Pa msonkhano wachitatu injiniya wa madzi sanabwere, anangotumiza uthenga kuti akazi awo agonekedwa m'chipatala, zomwe zinali zoona. Apa n'kuti Okutobala akutha. Masana kunkatentha koopsa, koma madzulo mitambo inkaunjikana pamwamba pa phiri, ndipo aliyense wa kwathu kuno amadziwa tanthauzo lake. Folomani anadandaula kuti zitsulo zamangidwa kale, matabwa aikidwa, anthu ake akungokhala. Mvula ikagwa ngalande zidzadzaza matope, ntchito yonse n'kuyambiranso. Ndinalemba tsiku lachitatu pansi pa awiri aja, ndipo mzere woletsa kuthira konkire ndinausiya momwemo.

Lamlungu limenelo titaweruka kutchalitchi, bambo anandiitana pansi pa mtengo wa mapeyala. Anali atakumana ndi mnzawo uja kuchipatala atapita kukazonda matenda.

"Akuti ukuwatumizira makalata a dzina lawo kwa azungu a ku Blantyre," anatero. Kwa bambo aliyense wokwera galimoto yaikulu ndi mzungu.

"Si makalata, bambo. Ndi zimene timagwirizana pa msonkhano. Aliyense amalandira."

"Munthu wamkulu ngati uja, mkazi wake ali gone. Sungalembe mwina?"

"Ndilembe bwanji?"

Anangotola peyala lakugwa n'kuliponyera nkhuku.

Sabata yotsatira abwana anandituma ku Blantyre kukathandiza pa ntchito ina ya mwadzidzidzi. Ndinabwerako Loweruka, ndipo nditatsika njinga ya kabaza pamalo omangapo ndinapeza mitanda yonse itathiridwa, itafunditsidwa masaka onyowa. Ndinathamangira pa mtanda waukulu n'kuvundukula masaka. Unali wosalala kuyambira uko mpaka uko, wopanda bowo ngakhale limodzi.

Folomani anali bambo wa ku Chinakanaka, munthu wofatsa amene ankandilemekeza ngakhale ndinali msinkhu wa mwana wake. Anandiona ndikubwera n'kuvula chipewa.

"Mwathira bwanji, a folomani? Maminitsi muli nawo."

"Ndili nawo, mayi. Ndinawaimbira abwana anu Lachitatu, mvula itawaza. Ndinati titani? Iwo anati thirani, za mapaipi tidzaona."

"Anakulemberani?"

"Pa foni basi."

Pa msonkhano wotsatira chipinda chija chinachepa. Woimira mpingo anabwera ndi mnzake wa ku likulu lawo. Injiniya wa madzi anabwera atanyamula pulani ija, yojambula pamanja, yaukhondo, yolondola bwino, koma yopanda ntchito tsopano. Mayi wa zitsulo anaiyang'ana n'kuiika pa pulani yawo.

"Pamene mapaipi akudutsapa ndi pamene pali zitsulo zochuluka," anatero. "Mukaboola pano mudula zitsulo, ndipo ine sindisayina. Njira ndi ziwiri. Mugumule chigawo ichi cha mtanda, tithirenso. Apo ayi, mapaipi adutse pamwamba pa mtanda, ndiye kuti pansi pa chipinda chochilira pakwera."

"Kukwera bwanji?" anafunsa azamba.

Mayi wa zitsulo anatambasula dzanja lawo, kuyambira chala chachikulu mpaka chakanise.

"Ndiye kuti sitepe," anatero azamba.

"Tidzaika kotsetsereka," anayankha abwana anga msangamsanga.

"Kolido ndi yopapatiza," anatero mayi wa zitsulo. "Kotsetsereka kake kadzakhala kachindunji ngati chulu."

Mkulu wa ku likulu uja anafunsa kuti konkire inathiridwa bwanji pamene pepala likuletsa. Kenako folomani, akuyang'ana pa tebulo, ananena chapansipansi kuti anaimba foni kufunsa, ndipo apampando anamulola. Abwana anga anamwetulira.

"Tinalankhuladi pa foni za nyengo," anatero. "Mwina sitinamvane. Koma tisasochere. Gwero la vutoli lili pa pepala. Mayi, tatiwerengerani mzere wa mapaipi."

Ndinawerenga. Dzina la injiniya wa madzi, tsiku loyamba, tsiku lachiwiri, tsiku lachitatu. Mawu anga ankamveka bwinobwino m'chipindamo, chifukwa ndinalemba momveka, popanda pothawira. Mwini dzina anakhala chowongoka, manja pa mawondo, osandiyang'ana.

Pokonza maminitsi a tsikulo ndinalemba zonse ziwiri. Ndinalemba kuti pulani ya mapaipi inachedwa katatu. Ndinalembanso mzere wina, kuti folomani anauza msonkhano kuti analoledwa pa foni ndi apampando kuthira konkire, ndipo apampando anati sanamvane. Ndinatumiza kwa abwana monga mwa nthawi zonse. Anabweza mzere wachiwiriwo utachotsedwa.

Ndinawaimbira.

"Bwana, pali mzere wasowa."

"Sunasowe, ndauchotsa. Inu nomwe mumati maminitsi ndi zimene tamanga, osati zimene takangana. Pamenepo pali ntchito yanji? Mwini wake ndani? Tsiku lake ndi liti?"

"Koma zinanenedwa pa msonkhano, ndipo zikukhudza chigamulo chimene tinalemba kale."

"Mayi, wapampando ndine. Tumizani momwe ndakubwezeranimo."

Ndinawauza kuti momwe alilimo sindingaikepo dzina langa. Anati palibe kanthu, ndipo anatumiza okha kuchokera ku ofesi.

Ndinali ndi chiyembekezo chimodzi. Pa msonkhano wotsatira, nthawi yovomereza maminitsi, aliyense ali ndi ufulu wonena kuti pali chosowa. Apampando atafunsa ngati maminitsi ali olondola, ndinayang'ana folomani. Iye anayang'ana kudenga. Sindimuda kwenikweni: kontrakitala salipidwa popanda siginecha ya wojambula mapulani, ndipo bwana wake anali atamukhalira kale pansi. Ndinayang'ana mayi wa zitsulo. Iwo anati foniyo sanaimve ndi makutu awo, koma akukumbukira kuti folomani anaitchula, ndipo ndi bwino ilembedwe. Apampando anatembenukira kwa folomani.

"A folomani, mukufuna tilembe kuti munati chiyani?"

"Ayi bwana, mwina ndine sindinamve bwino."

Ndinakweza mkono ine. Abwana anandiuza mwaulemu, pamaso pa onse, kuti mlembi amalemba, salowerera. Maminitsi anavomerezedwa.

Injiniya wa madzi akanatha kulankhula pamenepo. Anali nawo m'chipindamo tsiku limene folomani anaulula, anamva ndi makutu awo. Koma sananene kanthu. Mpaka lero sindidziwa ngati anali manyazi, kapena kutopa ndi matenda a kunyumba, kapena ankaona kuti munthu amene wachedwa katatu alibe pakamwa polozera mnzake chala.

Mpingo unasankha njira yosagumula, chifukwa opereka thandizo la ndalama zomangira anali atapereka kale tsiku lotsegulira ndipo mvula inali itayamba. Azamba anakana mpaka mawu anasasa. Anafunsa kuti nanga mzere wawo uja, wakuti pasakhale sitepe, uli pati? Unalipo, mwini wake abwana anga. Pa maminitsi otsatira unatsekedwa ndi mawu akuti zasintha malinga ndi chigamulo cha mwini nyumba. Injiniya wa madzi analandira kalata yowachotsa pa ntchitoyo, ndipo kalatayo inatchula nambala ya mzere wanga ndi masiku atatu aja. Ntchito ya madzi inapatsidwa kwa ofesi ina ya ku Blantyre imene abwana anga ankadziwana nayo.

Ine sanandichotse. Anangonena kuti pamalo omangapo pakufunika maso, ndizikhala kumeneko tsiku lililonse, za misonkhano azilemba mtsikana wa ku ofesi. Maminitsi ake ndinkawalandira pa foni. M'bokosi la mwini ntchito munkalembedwa kuti "onse okhudzidwa", m'bokosi la tsiku "zikupitirira". Palibe anadandaulapo. Misonkhano inayambanso kutha msanga.

Kumudzi nkhani inafika itavala zina. Ku mpingo kwathu amayi ankati mwana wa a kapitawo wachotsetsa ntchito munthu amene anamupezera ntchito, pamene mkazi wake ali m'chipatala. Mayi anga anasiya kukhala pa benchi yawo yakutsogolo. Akazi a injiniya atamwalira mu Januwale, tinapita kumaliro tonse, mvula ikutsanuka. Ndinalowa kukhitchini kukathandiza amayi anzanga, ndipo mchemwali wa malemuwo anandilanda chidebe m'manja n'kunena kuti ndikapume, manja olemba satunga madzi. Bambo anakhala kunja ndi amuna anzawo. Mnzawo anawapatsa moni wa dzanja ngati mlendo aliyense, n'kupitirira.

Tikubwerera, bambo anayenda patsogolo ndi ambulera wawo. Titayandikira kwathu anaima.

"Zimene unalembazo zinali zoona?" anafunsa.

"Zinali zoona, bambo."

"Nanga za winayo, bwana wakoyo?"

"Ndinalembanso. Anafufuta."

"Ndiye pepala lako limagwira okhawo amene alibe chofufutira," anatero. Sananene mokalipa. Anatsegula chitseko cha mpanda n'kundisiya ndilowe.

Nyumba inatha mochedwerapo pang'ono, koma inatha, ndipo ndi yokongola. Sitepe ija ndinaiyang'anira ndekha poimanga, poti ntchito yanga inali imeneyo. Ndinalimbana ndi amisiri kuti kotsetsereka kake katalike momwe kolido ingalolere, tinakandakanda simenti kuti pasamaterere, koma chulu chinakhalabe chulu. Tsiku loyesa, azamba anabweretsa bedi la matayala, mlonda n'kugonapo. Namwino mmodzi analephera kulikweza yekha. Atathandizana awiri linakwera, koma potsika linathawa n'kukagunda khoma la kolido, mlonda n'kudzuka akuseka. Azamba sanaseke. Anandiyang'ana ine, chifukwa pa onse a pa tebulo lija ndine ndekha ndinalipo.

"Mwana wanga, munandilemba bwino pa pepala paja," anatero. "Ndinachita kukaonetsa anzanga."

Pa mwambo wotsegulira panali matenti ndi magule. Abwana anga anayamikiridwa kuti anapulumutsa ntchito ku mvula, ndipo anajambulitsa atanyamula lumo limodzi ndi akuluakulu. Ine ndinali kuseri ndi folomani, tikuchotsa milu ya mchenga kuti alendo asaione. Mgwirizano wanga utatha sanandiitanenso, ndipo nanenso sindinapemphe. Panopa ndimayang'anira ntchito zing'onozing'ono, midadada ya sukulu, zimbudzi za pamsika. Pakakhala msonkhano ndimalembabe maminitsi momwe anandiphunzitsira mayi wa zitsulo, chifukwa njira ina sindiidziwa, ndipo kawirikawiri imathandiza. Chimene ndinawonjezera n'chakuti folomani aliyense amene ndimagwira naye ndimamuuza tsiku loyamba kuti lamulo la pa foni asalitsate mpaka litabwera ndi uthenga wolemba. Ena amamva, ena amaopa mabwana.

Injiniya wa madzi anatseka kaofesi kawo chaka chotsatira. Nkhani ya kalata ija inawanda, ndipo ntchito zinasiya kubwera. Ndinakumana nawo kamodzi pa siteji ya minibasi ku Boma, akupita ku Blantyre kukaonetsa maso, mwana wawo wamkazi atawagwira mkono. Ndinawagwadira pang'ono n'kupereka moni. Anandizindikira ndi mawu.

"Ndiwe mlembi uja?"

"Ndine, bambo."

"Bambo ako ali bwanji? Miyendo ija?"

"Ikuwavutabe, makamaka kukazizira."

"Uwauze asamakhale pansi kwambiri." Kenako anafunsa, "Nyumba ija akuti madzi akuyenda bwino?"

"Akuyenda, bambo. Anatsata manambala anu omwe aja, anangokweza."

"Eya," anatero. "Manambala analibe vuto."

Kondakitala anayamba kumenya chitseko kuti mpando watsala umodzi kumbuyo ndi wina kutsogolo. Mwana wawo anawakweza kutsogolo, iye n'kudzipanikiza kumbuyo, minibasi n'kunyamuka. Ine ndinapita kukagula misomali imene ndinabwerera.